Madzi Ndi Moyo, Koma Akachuluka M'thupi la Wothamanga Amapha

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limaswa mtengo m'madera ambiri a chigawo chino. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, m'chigwa cha Luangwa ndi ku Tete, kutentha kwa masana kumafika madigiri 40, nthawi zina kuposerapo. Aliyense amene adakonzapo mpikisano wothamanga mtunda wautali m'nyengo yotere, kaya wa sukulu, wa mpingo kapena wosonkhetsa ndalama za chitukuko, amawadziwa mawu omwe amamveka pa chimkuzamawu anthu asadanyamuke: imwani madzi ambiri, musadikire ludzu.

Langizoli limaperekedwa ndi mtima wabwino, ndipo kale madokotala omwe ankalivomereza. Koma lero akatswiri a zaumoyo wa ochita masewero adalisiya, chifukwa zidaoneka kuti lidagonetsa anthu ambiri m'chipatala ndi kutengera ena kumanda. Chimene akuphunzitsa tsopano n'chakuti wothamanga amwe akamva ludzu, aleke ludzu likatha, ndipo asamalize mpikisano akulemera kuposa mmene adayambira. Phunziroli lidayambira m'chigawo chino, pa msewu wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg ku South Africa.

Zomwe zidachitika ku Comrades

Mpikisano wa Comrades udayamba m'chaka cha 1921 ndipo mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 90. Umakopa anthu zikwizikwi ochokera m'maiko ambiri, ndipo Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe adaupambana katatu motsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011. Ambiri mwa othamangawo si akatswiri. Ndi anthu wamba omwe amatha tsiku lonse ali pamsewu, kulimbana kuti afike asadakwane maola 12 omwe amaloledwa masiku ano.

Pa zaka zoyambirira za mipikisano yotere, othamanga ankalangizidwa kuti asamwe kwambiri, ndipo kumwa pafupipafupi kunkaoneka ngati kufooka. Zinthu zidatembenuka pambuyo pa 1969, pamene ofufuza awiri a ku South Africa, Wyndham ndi Strydom, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wochenjeza za kuopsa kwa kumwa madzi ochepa pothamanga. Kuchokera apo matebulo a madzi adachuluka m'mbali mwa misewu, ndipo uthenga udakhala wakuti madzi sachuluka.

Mu 1981 mayi wina wa zaka 46 adathamanga nawo Comrades ndipo adatsata langizoli mokhulupirika. Atayenda makilomita pafupifupi 70, mwamuna wake, yemwe ankamudikira m'mbali mwa msewu, adadabwa kuona kuti mkazi wake sakumuzindikira. Onse adaganiza kuti madzi amuthera m'thupi, choncho adamuika diripi. M'malo mopeza bwino, mayiyo adayamba kuphupha ngati wodwala khunyu, kenaka adakomoka. Kuchipatala adapeza kuti mchere wa m'magazi ake, wotchedwa sodiyamu, udatsika kufika pa 115, pomwe mwa munthu wabwinobwino umakhala pakati pa 135 ndi 145 pa muyeso womwe madokotala amagwiritsa ntchito. Mayiyo adachira, koma atagona masiku angapo asakudziwa kanthu.

Nkhaniyi idafika kwa Pulofesa Tim Noakes wa pa Yunivesite ya Cape Town, amene pa nthawiyo adali mmodzi mwa olimbikitsa kumwa kwambiri. Mu 1985 iye ndi anzake adafalitsa lipoti la othamanga anayi omwe adadwala mofananamo, ndipo adanena kuti chidawadwalitsa ndi madzi ochuluka. Vutoli madokotala amalitcha haiponatiremiya, kutanthauza kuchepa kwa sodiyamu m'magazi.

Dziko lidachedwa kumva. Mu 1996 bungwe lalikulu la madokotala a zamasewero ku America lidalangizabe othamanga kuti azibwezera madzi onse otayika m'thukuta, kapena kumwa mpaka pomwe mimba ingapirire. Mu 2002 mayi wa zaka 28 adamwalira ndi vutoli atathamanga mpikisano wa makilomita 42 wa ku Boston. Madokotala omwe adayeza magazi a othamanga 488 pa mpikisano womwewo adapeza kuti 13 mwa 100 aliwonse adali ndi sodiyamu wotsika, ndipo atatu adali pa 120 kapena kutsikirapo, pomwe moyo umakhala pachiswe. Zotsatirazi zidatuluka mu 2005. Bungwe la ku America lija lidasintha langizo lake mu 2007, ndipo mu 2015 akatswiri a maiko osiyanasiyana atakumana ku California adagwirizana kuti njira yodalirika yopewera vutoli ndi kumwa motsata ludzu.

Mmene madzi amasandukira mdani

Magazi a munthu ali ngati ndiwo zothiridwa mchere wokwanira bwino. Mayi akathira kapu ya madzi mumphika wa ndiwo, mchere suchoka, koma umasukuluka. N'zomwenso zimachitika m'magazi a munthu amene akumwa madzi ambiri kuposa omwe akutuluka.

Munthu akakhala pansi osagwira ntchito, impso zake zimatha kutulutsa madzi osapitirira lita imodzi pa ola, choncho akamwa mopitirirako pang'ono amangokodza. Pothamanga mtunda wautali zinthu zimasintha. Kutopa, ululu, nseru ndi kutentha zimachititsa thupi kutulutsa homoni yotchedwa vasopuresini, yomwe imauza impso kuti zisunge madzi. Wothamanga amamwa, koma mkodzo sutuluka mokwanira, ndipo madziwo amatsalira m'thupi.

Magazi akasukuluka, madzi amalowerera m'maselo a thupi ndipo maselowo amatupa. Zala zikatupa palibe choopsa kwenikweni, popeza khungu limatamuka. Ubongo ndiye uli m'chibade cholimba chomwe sichitamuka. Ukatupa umapanikizika, ndipo apa m'pamene mutu umayamba kuwawa, munthu n'kumasanza ndi kusokonezeka maganizo. Zikapitirira amaphupha, amakomoka, madzi amadzaza m'mapapo, ndipo atha kusiya kupuma.

Chodabwitsa n'chakuti amene ali pachiopsezo chachikulu si akatswiri othamanga patsogolo. Katswiri amatuluka thukuta lambiri, sakhalitsa pamsewu, ndipo liwiro silimulola kumeza madzi ochuluka. Ofufuza adapeza kuti Haile Gebrselassie wa ku Ethiopia, popambana mpikisano wa ku Dubai mu 2009, adafika pomalizira atapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake. Izi si zoti munthu wamba atengere, koma zikusonyeza kuti kupepuka pothamanga si ngozi mwa iko kokha. Ku Boston, omwe adapezeka ndi vutoli kwambiri adali omwe adatha maola oposa anayi pamsewu, omwe adamwa malita oposa atatu, ndi omwe adafika akulemera kuposa mmene adanyamukira. Awa ndi anthu a m'mbuyo, oyenda pang'onopang'ono, okhala ndi mpata woima pa tebulo lililonse.

Nanga amwe ochuluka bwanji?

Palibe muyeso umodzi wokwanira aliyense, chifukwa thukuta limasiyana. Wina amataya theka la lita pa ola, wina malita awiri, malingana ndi kukula kwa thupi, liwiro, ndi kutentha kwa tsikulo. Madokotala oyang'anira mipikisano amatchula mamililita 400 mpaka 800 pa ola ngati malire oyambira. Muyeso wapansiwo ndi wa munthu wochepa thupi woyenda pang'onopang'ono kunja kukuzizira, ndipo wapamwambawo ndi wa munthu wamkulu thupi wothamanga mwaliwiro padzuwa. Botolo la madzi la theka la lita lomwe limagulitsidwa m'magolosale lili ndi mamililita 500, choncho kwa anthu ambiri nkhani ili pa botolo limodzi kapena limodzi ndi theka pa ola.

Wofuna kudziwa muyeso wakewake atha kuupeza ndi sikelo, ngakhale ya pachipatala chaching'ono kapena yoyezera mbewu, bola ikhale yoonetsa magawo a kilogalamu. Akodze kaye, adziyeze atavula zovala zolemera, athamange ola limodzi pa liwiro ndi nyengo yofanana ndi ya tsiku la mpikisano, apukute thukuta, kenaka adziyezenso. Kilogalamu imodzi yotayika ikufanana ndi lita imodzi ya madzi. Pa zomwe wapepukazo aonjezepo madzi omwe wamwa m'njira.

Mwachitsanzo, mnyamata wolemera makilogalamu 60 wathamanga ola limodzi chakum'mawa kukutentha, wamwa mamililita 300, ndipo sikelo ikuonetsa 59.4. Wapepuka ndi magalamu 600. Kuphatikiza ndi 300 omwe wamwa, thukuta lake ndi mamililita 900 pa ola. Ngati mpikisano udzamutengere maola anayi, adzataya malita 3.6. Koma sayenera kubwezera onsewo ali pamsewu. Thupi limapirira bwino kupepuka ndi magawo awiri pa 100, omwe kwa iye ndi makilogalamu 1.2. Akachotsa 1.2 pa 3.6 patsala malita 2.4, omwe ndi mamililita 600 pa ola, kapena kuti kapu yaing'ono ya mamililita 150 pa mphindi 15 zilizonse. Otsalawo adzabwerera pang'onopang'ono madzulo, akamadya ndi kumwa kunyumba. Nambala ya 900 ija ndi denga limene sayenera kulipyola ngakhale kutatentha bwanji, pokhapokha atadziyezanso pa nyengo yotenthayo n'kupeza kuti thukuta lake lachuluka.

Tsopano taganizirani mayi wolemera makilogalamu 50 amene akuthamanga makilomita 42 kwa nthawi yoyamba, mwina kuthamanga pang'ono, mwina kuyenda, ndipo zimutengera maola asanu ndi limodzi. Thukuta lake ndi theka la lita pa ola, kutanthauza malita atatu pa ulendo wonse. Poopa dzuwa, akumaliza botolo la theka la lita pa theka la ola lililonse, ndipo pofika kumapeto wamwa malita asanu ndi limodzi. Ngati impso zake zasunga madzi, malita atatu atsalira m'thupi. Thupi la mayi wotere limakhala ndi madzi pafupifupi malita 25, ndipo tsopano akwana 28. Powerengera mwachidule, sodiyamu wake yemwe adali pa 140 atsika kufika cha pa 125, osawerengera mchere womwe wapita ndi thukuta. Mayiyu sadachite chachilendo chilichonse. Lita imodzi pa ola siimveka ngati madzi ambiri, koma kwa thupi lake ndi liwiro lake ndi yokwanira kumugoneka m'chipatala.

Anthu awiriwa athamanga msewu umodzi padzuwa limodzi, koma zosowa zawo n'zosiyana. N'chifukwa chake ludzu limaposa langizo la pa chimkuzamawu. Ubongo umayeza mchere wa m'magazi nthawi zonse, ndipo magazi akangoyamba kuchepa madzi pang'ono umadzutsa ludzu, ngozi isadafike. Ludzu lili ndi malire ake. Mwa okalamba limachedwa kubwera, ndipo munthu wa thukuta lambiri wothamanga mwaliwiro padzuwa lalikulu atha kutsalira m'mbuyo pakumwa. Anthu otere ndi amene muyeso wa pasikelo ungawathandize kwambiri.

Kudzaza mimba ndi madzi usiku kapena m'mawa wa mpikisano sikuthandiza, popeza thupi silisunga madzi a mawa. N'kokwanira kudya bwino, kumwa makapu awiri kutatsala maola atatu kapena anayi, ndi kuona kuti mkodzo ndi wachikasu chowala, osati wakuda.

Mchere ndi zakumwa za othamanga

Ambiri amakhulupirira kuti zakumwa zotsekemera zopangira ochita masewero zimateteza ku vutoli chifukwa zili ndi mchere. Kafukufuku wa ku Boston adapeza kuti panalibe kusiyana pakati pa omwe ankamwa zakumwazi ndi omwe ankamwa madzi. Chifukwa chake n'chosavuta. Zakumwa zambiri zotere zili ndi sodiyamu wa pafupifupi 20 pa muyeso womwe magazi ali pa 140, choncho nazo zimasukulutsa magazi. Ngakhale madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi omwe amapatsidwa kwa odwala m'mimba ali pa 75, ndipo ukadali pansi pa wa m'magazi. Shuga wa m'zakumwazi amapatsa mphamvu, ndipo chakudya cha mchere monga mtedza wokazinga n'chabwino pa ulendo wa maola ambiri, koma palibe mwa izi chimene chingapulumutse munthu amene akumwa mopyola thukuta lake.

Mankhwala opha ululu a gulu la bulufeni ndi dikulofenaki ndi oyenera kuwapewa pa tsiku la mpikisano, popeza amasokoneza ntchito ya impso pa nthawi yomwe zili kale pampanipani.

Wothamanga akagwa

Apa m'pamene mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka pa tebulo la madzi angapulumutse moyo kapena kuuwononga. Munthu akagwa padzuwa, chibadwa cha aliyense ndi kumumwetsa madzi. Koma pali zinthu zinayi zosiyana zomwe zingamugwetse.

Choyamba, ndipo n'chofala kuposa zonse, ndi chizungulire cha pomalizira. Munthu akaima mwadzidzidzi atathamanga nthawi yaitali, magazi amatsikira kumiyendo ndipo amaona mdima. Amakhala akudziwa dzina lake ndi komwe ali. Akagonekedwa chagada pamthunzi, miyendo itakwezedwa pamwamba, amapeza bwino pakapita mphindi zochepa.

Chachiwiri ndi kuchepa kwenikweni kwa madzi. Munthuyu amamva ludzu lalikulu, m'kamwa mumauma, ndipo pasikelo amakhala atapepuka kwambiri. Amwe pang'onopang'ono ndipo adye chakudya cha mchere.

Chachitatu ndi kutenthedwa koopsa, pomwe thupi limapyola madigiri 40 ndipo munthu amasokonezeka, kupepesuka kapena kukomoka. Kumwa madzi ambiri sikuteteza ku vutoli, chifukwa gwero lake ndi liwiro lopyola mphamvu za munthu padzuwa lomwe sadalizolowere. Mankhwala ake ndi kumuziziritsa nthawi yomweyo, pomuviika m'madzi ozizira kapena kumuthira madzi thupi lonse ndi kumukupiza, kenaka kuthamangira naye kuchipatala.

Chachinayi ndi madzi ochuluka. Munthuyu samva ludzu, mwina amanyansidwa nawo madziwo. Mimba imatupa ndi kukhuchumuka, zala zimatupa mpaka mphete kapena wotchi kuthina, ndipo kulemera kwake sikutsika kapena kumakwera kumene. Mutu umawawa mowonjezereka, amasanza madzi, ndipo amayamba kuyankha zosagwirizana. Chomwe chimasocheretsa ambiri n'chakuti nayenso atha kukhala osakodza, monga yemwe madzi amuthera. Kusakodza pakokha si chifukwa chomumwetsera. Funso lofunika kufunsa iye kapena amene adali naye ndi lakuti wamwa mabotolo angati, pa maola angati.

Ngati zizindikiro n'zochepa ndipo munthu ali ndi nzeru zake zonse, aleke kumwa mpaka atayamba kukodza bwino, apatsidwe chakudya cha mchere kapena msuzi wochepa wa mchere wambiri, ndipo asasiyidwe yekha. Ngati mutu wakula, akusanza kapena wasokonezeka, ndi wa kuchipatala msangamsanga. Wokomoka agonekedwe chammbali ndipo asamwetsedwe kanthu. Ngati wosokonezekayo thupi lake latentha kwambiri, kumuthira madzi kunja sikuononga kanthu, choncho aziziritsidwe ali pa ulendo.

Operekeza wodwala auze dokotala kuchuluka kwa madzi omwe wamwa, kuti magazi ayezedwe sodiyamu kumene zipangizo zilipo, asadathamangire diripi wamba yomwe ingaonjezere vuto monga zidachitikira mu 1981. Chithandizo chovomerezeka cha wodwala kwambiri ndi madzi a mchere wokhuthala, wa magawo atatu pa 100, omwe amaperekedwa mumtsempha mamililita 100 pa nthawi, ndipo atha kubwerezedwa. Iyi ndi ntchito ya achipatala okha.

Ngozi siithera pomalizira mpikisano. Madzi omwe atsala m'mimba amapitiriza kulowa m'magazi munthu atapuma, choncho ena amadwala patapita maola angapo, ali m'basi kapena kunyumba. Achibale adziwe kuti wothamanga amene wayamba kumva mutu, kusanza kapena kulankhula zosamveka usiku wa tsiku la mpikisano sayenera kukakamizidwa kumwa, koma kupita naye kuchipatala.

Kwa okonza mipikisano

Zambiri mwa ngozizi zimapewedwa pa msonkhano wokonzekera. M'miyezi yotentha, mpikisano wautali uyambe m'bandakucha kuti ambiri amalize dzuwa lisadafike paliwombo. Othamanga ochokera kumadera ozizira, monga kumapiri, adziwe kuti thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 ochita masewero pang'onopang'ono kumalo otentha kuti lizolowere.

Madzi akumwa akhale aukhondo ndipo asathe, koma aperekedwe m'makapu aang'ono, ndipo odzipereka auzidwe kuti ntchito yawo ndi kupereka kwa wopempha, osati kukakamiza wodutsa. Pambali pakhale zidebe za madzi odzithira kumutu ndi m'khosi, chifukwa ambiri amamwa pofuna kuziziritsa thupi pomwe alibe ludzu. Sikelo imodzi poyambira, ndi cholembera cholembera kulemera kwa aliyense kuseri kwa nambala yake ya pachifuwa, zimapatsa azaumoyo yankho la msanga munthuyo akagwa: ngati akulemera chimodzimodzi kapena kuposa m'mawa, vuto lake si kuchepa kwa madzi.

Galimoto yotsatira m'mbuyo ikhale ndi munthu wodziwa zizindikirozi, popeza odwala haiponatiremiya amapezeka kwambiri pakati pa omalizira, pa nthawi yomwe opambana alandira kale mphoto ndipo anthu ayamba kupasula matebulo. Ndipo wolengeza pa chimkuzamawu asinthe mawu ake. Auze othamanga kuti madzi alipo m'njira yonse, kuti amwe akamva ludzu, ndi kuti mimba ikadzaza kapena zala zikayamba kutupa, adutse tebulo lotsatira osatenga kapu.